VWAP: sikelo ya mtengo wa tsiku, ndi chifukwa chake imalemera dzuwa likamapendeka

Thumba la penshoni likafuna kugula masheya 200,000 a kampani imodzi pa msika wa New York, silimangoponya oda yonse nthawi imodzi. Likatero lingathe masheya onse amene akugulitsidwa pa mtengo wabwino, n'kuyamba kukwera lokha makwerero a mitengo yodula. Chimene limachita n'kupereka ntchitoyo kwa mkhalapakati, amene ambiri amamutcha buloka, kuti agule pang'onopang'ono tsiku lonse. Madzulo msika ukatsekedwa pamabwera funso: kodi bulokayu wagula bwino kapena wawononga ndalama za eni ake? Mtengo wotsegulira sungayankhe funsoli, pakuti unali wa mphindi imodzi yokha. Wotsekera nawo chimodzimodzi. Pakufunika mtengo umodzi woimira zonse zimene zagulidwa ndi kugulitsidwa tsikulo, ndipo mtengo umenewo ndiwo umalembedwa kuti VWAP pa tchati ndi m'malipoti, chidule cha mawu a Chingerezi akuti Volume Weighted Average Price, kutanthauza avereji ya mtengo yotengera kuchuluka kwa masheya amene agulidwa pa mtengo uliwonse.

Ntchito imeneyi ndiyo inabala VWAP. Mu 1988 akatswiri atatu, Berkowitz, Logue ndi Noser, anaigwiritsa ntchito poyeza ndalama zimene zimatayika pogula ndi pogulitsa masheya pa NYSE, msika wa masheya wa ku New York. Mzere umene anthu ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo amauona pa matchati awo ndi nambala yomweyo, kungoti ikuwerengedwa mphindi ndi mphindi m'malo modikira madzulo. Amene waiwala kuti chinthuchi chinayamba ngati sikelo amayamba kuchifunsa mafunso amene sichingathe kuyankha.

Masamu ake ndi amene aliyense wogula chimanga chambiri amawadziwa kale. Mukagula matumba 2 pa mtengo wodula ndi matumba 20 pa mtengo wotsika, simuphatikiza mitengo iwiriyo n'kugawa pawiri. Mumawerenga ndalama zonse zimene zatuluka m'thumba, n'kugawa ndi matumba onse amene mwabwera nawo. Pa masheya fomula yake ndi iyi, pomwe P ndi mtengo ndipo V ndi voliyumu, kutanthauza kuchuluka kwa masheya amene asinthana manja pa mtengowo:

```
VWAP = Σ(P × V) / ΣV
```

Tiyerekeze kuti msika utangotsegulidwa pachitika malonda atatu. Masheya 500 agulidwa pa $50.00, masheya 2,000 pa $50.20, ndipo masheya 300 pa $50.60. Ndalama zake ndi $25,000, $100,400 ndi $15,180, zonse pamodzi $140,580. Masheya onse ndi 2,800. Mukagawa mupeza $50.207. Avereji wamba ya mitengo itatuyo ikanakhala $50.267, yokwera ndi masenti 6, chifukwa ikanapatsa malonda a masheya 300 mphamvu yofanana ndi a masheya 2,000. VWAP yatsamira kumene kunapita ndalama zambiri.

Mabanki ndi mabuloka akuluakulu amawerenga kuchokera pa malonda alionse, amodziamodzi. Matchati ambiri amene munthu wamba amatsegula sachita choncho. Amatenga kandulo iliyonse, kachithunzi koonetsa mmene mtengo wayendera m'kanthawi kochepa, kaya ya mphindi 1 kaya ya mphindi 5, n'kuipatsa mtengo umodzi woimira, umene nthawi zambiri ndi uwu:

```
P = (High + Low + Close) / 3
```

Pa pulogalamu ya matchati ya TradingView mtengo umenewu umaoneka ndi dzina loti `hlc3`. Kumeneku n'kuyerekeza chabe, ndipo kumatha kuphonya. Kandulo imene inafika $50.60 pamwamba, $50.00 pansi, n'kutsekera pa $50.10, idzapatsidwa $50.233. Koma ngati masheya ambiri a m'kandulo imeneyo anagulidwa cha ku $50.55 mtengo usanagwe, voliyumu yonseyo yaikidwa pa mtengo wolakwika ndi masenti oposa 30. Kandulo ikakhala yaitali, kuphonyako kumakula. N'chifukwa chake VWAP ya pa makandulo a mphindi 30 imasiyana ndi ya pa makandulo a mphindi 1 a sheya yomweyo tsiku lomwelo. Ya mphindi 1 ndiyo imayandikira nambala yeniyeni. Wofuna kudziwerengera yekha angaike mitengo mu danga B ndi voliyumu mu danga C, n'kukokera fomula iyi pansi kuchokera pa mzere wachiwiri:

```
=SUMPRODUCT(B$2:B2,C$2:C2)/SUM(C$2:C2)
```

Chizindikiro cha `$` chimakhomerera poyambira kuti pasasunthe, pamene pothera pakutsika mzere ndi mzere. Tsiku latsopano likayamba, zonse zimabwerera pa ziro. Woiwala kubwezera pa ziro amakhala akuwerenga chinthu china, cha masiku angapo, chimene sichiyeneranso kutchedwa sikelo ya tsiku limenelo.

Tsopano tibwerere ku oda ya masheya 200,000 ija. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma maonekedwe a tsikulo ndi amene amadziwika pa misika ya ku America. Msika umatsegulidwa 9:30 m'mawa n'kutsekedwa 4:00 madzulo nthawi ya ku New York, mphindi 390 zonse pamodzi. Malonda amachuluka m'mawa, amazilala masana, n'kuchulukanso kwambiri kumapeto, makamaka pa okushoni yotsekera. Tinene kuti sheya yathu imagulitsidwa pafupifupi 4,000,000 patsiku, ndiye oda ya thumba la penshoni ndi 5 peresenti ya malonda a tsiku. Tsikulo layenda motere, nthawi, voliyumu ya msika wonse, avereji ya mtengo m'chigawocho, ndi VWAP pothera chigawocho:

```
09:30-10:30   900,000   50.10   50.100
10:30-12:00   800,000   50.40   50.241
12:00-14:00   700,000   50.30   50.258
14:00-15:30   700,000   50.60   50.335
15:30-16:00   900,000   50.90   50.4625
```

Ndalama zonse zimene zasinthana manja ndi $201,850,000. Kugawa ndi masheya 4,000,000 kukupereka $50.4625, ndipo iyi ndiyo nambala imene buloka ayesedwere.

Vuto la buloka ndi loti m'mawa sadziwa nambala imeneyi, ndipo sadziwanso mitengo ya m'tsogolo. Koma kuti afanane ndi VWAP safunika kudziwa mitengo. Akungofunika kugula m'chigawo chilichonse gawo lofanana ndi limene msika wonse ugulitse m'chigawocho. Ngati 22.5 peresenti ya malonda a tsiku ichitika mu ola loyamba, iyenso agule 22.5 peresenti ya oda yake mu ola limenelo. Akatero avereji yake ifanana ndi ya msika, kaya mtengo ukwere kaya utsike. Chimene ayenera kulosera ndi voliyumu basi, ndipo voliyumu imaloseka bwino kuposa mtengo. Amatenga masiku apitawa, mwina 20 kapena 30, n'kuona kuti chigawo chilichonse chinkatenga gawo lanji la tsiku. Masiku ano ntchito yodula oda m'tizidutswa imachitidwa ndi pulogalamu ya kompyuta, imene imagwiritsa ntchito zigawo zazifupi kwambiri kuposa zisanu zathuzi, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Tinene kuti mbiri ya masiku apitawo yamuuza kuti zigawo zisanuzo zimatenga 25, 20, 15, 20 ndi 20 peresenti. Ndiye agula masheya 50,000, 40,000, 30,000, 40,000 ndi 40,000. Tsikulo silinatsatire mbiri ndendende, pakuti zigawo zenizeni zatuluka 22.5, 20, 17.5, 17.5 ndi 22.5 peresenti. Akapeza mtengo wa avereji m'chigawo chilichonse, walipira $10,090,000, kutanthauza $50.45 pa sheya. Kusiyana kwake ndi VWAP kumayezedwa m'mabezisi poyinti, pomwe imodzi ndi 0.01 peresenti:

```
(50.45 - 50.4625) / 50.4625 × 10,000 = -2.5
```

Kwa wogula, nambala yokhala pansi pa ziro ndi yabwino. Wagula motchipa ndi mabezisi poyinti 2.5, zimene pa oda yonse ndi $2,500. Koma taonani kumene kwachokera phindu limeneli. Anagula zochulukirapo m'mawa ndi zochepa kumapeto poyerekeza ndi msika, ndipo zangochitika kuti mtengo unali kukwera pafupifupi tsiku lonse. Mtengo ukanakhala ukutsika, kuphonya komweko kukanamuluma. Komanso sitinawerengere mpata wa pakati pa mtengo wa ogula ndi wa ogulitsa. Akamalipira senti imodzi yowonjezera pa sheya iliyonse chifukwa chothamangira mtengo wa ogulitsa, $2,000 mwa phindu lija yapita. Choncho lipoti la tsiku limodzi silikuuzani kanthu za luso la buloka. Muyenera kuona maoda ambiri, a masiku okwera ndi a masiku otsika, kuti mwayi ndi tsoka zifafanizane.

Pali chinthu chachikulu chimene lipoti limeneli silinena. Pamene mwini thumba anaganiza zogula, msika usanatsegulidwe, sheya inali pa $50.00. Wamaliza atalipira $50.45. Kusiyanako ndi mabezisi poyinti 90, kapena $90,000. Lipoti la VWAP likuti ntchito yayenda bwino ndi $2,500, pamene kudikira tsiku lonse kwadya ndalama zochuluka kuwirikiza ka 36. Zonse ziwiri n'zoona, chifukwa zikuyankha mafunso osiyana. VWAP imafunsa ngati mwagula monga anzanu agulira tsiku limenelo. Siifunsa ngati kunali kwanzeru kufalitsa oda tsiku lonse. N'chifukwa chake ambiri amayezanso ndi mtengo wa pa nthawi imene oda inafika, njira imene André Perold anaifotokoza m'chaka chomwecho cha 1988. Maganizo anga ndi oti VWAP imayenera oda yosafulumira, yomwe mwini wake alibe chifukwa choganizira kuti mtengo uthawa lero, monga kukonzanso kagawidwe ka chuma cha thumba. Amene akugula chifukwa cha nkhani imene wamva, ndipo akudziwa kuti ena aimvanso posachedwa, akudzipweteka akalamula buloka kuti atsatire VWAP.

Sikeloyi imanamanso oda ikakula. Malonda anu omwe ali m'kati mwa nambala imene mukuyesedwa nayo. Pa 5 peresenti zimenezi sizisokoneza kwenikweni. Koma tiyerekeze kuti oda ndi ya masheya 2,000,000 pa tsiku la 4,000,000. Inu mwagula pa avereji ya $50.70, pamene malonda ena onse achitika pa avereji ya $50.30. VWAP ituluka $50.50, ndipo lipoti lionetsa kuti mwaphonya ndi masenti 20, pomwe poyerekeza ndi anzanu mwaphonya ndi masenti 40. Theka la kuphonyako labisika chifukwa theka la sikelo ndinu. Mukakhala wogula yekhayo tsiku lonse, mufanana ndi VWAP ndendende ngakhale mutakweza mtengo ndi madola 5. Apa m'pamene nkhaniyi ikukhudza misika ing'onoing'ono monga wa ku Blantyre, kumene sheya ina imatha tsiku lathunthu ndi malonda ochepa chabe kapena osagulidwa n'komwe. Pa sheya yotere VWAP ya tsiku imangokhala mtengo wa oda yaikulu imodzi, ndipo kuyeza buloka ndi nambala imeneyo kuli ngati kuuza wogulitsa nyama kuti adziyezere yekha. Funso loyamba pa lipoti lililonse la VWAP likhale lakuti: oda yathu inali gawo lanji la voliyumu ya tsiku? Pamene gawolo lili lalikulu, pemphani nambala yowerengedwa atachotsamo malonda anu.

Nanga mzere wa pa tchati uja? Kuti muumvetse, lembani fomula m'njira ina, yoonetsa mmene kandulo yatsopano imasunthira VWAP. Apa A ndi VWAP yakale, T ndi voliyumu yonse imene yasonkhana, ndipo p ndi v ndi mtengo ndi voliyumu za kandulo yatsopano:

```
VWAP = A + (v / (T + v)) × (p - A)
```

Pa 9:35 m'mawa, masheya 100,000 okha atasonkhana, kandulo ya masheya 20,000 yokhala masenti 50 pamwamba pa mzere imaukweza ndi masenti 8.3. Pa 3:30 masana, atasonkhana 3,100,000, kandulo yomweyo imaukweza ndi masenti 0.32 okha. Mphamvu yake yachepa ka 26. Mzerewu umabadwa wopepuka ngati nthenga, n'kumalemera ola ndi ola mpaka kukhala ngati mphero. Onaninso pa tebulo lathu lija: pakati pa 2:00 ndi 3:30 masana mtengo unali pa $50.60, koma VWAP inangochoka pa $50.258 kufika pa $50.335.

Kulemera kumeneku ndiko kumalamulira nthawi imene mzerewu uli ndi tanthauzo. M'mphindi zoyambirira VWAP imangomamatira pa mtengo, ndipo mtengo ukaudutsa mzere kanayi m'mphindi 10 palibe chimene mwaphunzira. Kumapeto kwa tsiku, ngati mtengo wayenda ulendo wautali, mzere umatsala kutali kwambiri moti sungakuthandizeni kusankha polowera kapena potulukira. Nthawi imene umanena zomveka ndi ya pakati, pamene voliyumu yokwanira yasonkhana koma mzere sunaume.

Chimene umanena n'chosavuta. Mtengo ukakhala pamwamba pa VWAP, masheya amene agulidwa lero, powatenga onse pamodzi, ali pa phindu. Ukakhala pansi, ali pa kuluza. Ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo amamanga njira ziwiri pa mfundo imeneyi, ndipo njirazo zimatsutsana. Yoyamba ndi ya tsiku limene mtengo ukulowera mbali imodzi. Amadikira kuti mtengo ubwerere kufupi ndi mzere, aone ngati waima n'kutembenuka, kenaka agule, n'kuika malire a kuluza pansi pang'ono pa mzerewo. Yachiwiri ndi ya tsiku limene mtengo ukungozungulira. Amagulitsa mtengo ukatalikira kumtunda, amagula ukatalikira kumunsi, akuyembekezera kuti ubwerera pa mzere. Poyeza kutalikirako amagwiritsa ntchito mizere ya m'mbali, imene imawerengedwa chonchi n'kuikidwa kamodzi kapena kawiri pamwamba ndi pansi pa VWAP:

```
σ = √( Σ(V × P²) / ΣV - VWAP² )
```

Ndalama zambiri zimatayika pogwiritsa ntchito njira yachiwiri pa tsiku la njira yoyamba. Munthu aona mtengo wafika pa mzere wachiwiri wa kumtunda, agulitsa, mtengo upitirira, agulitsanso, ndipo mzere wa m'mbaliwo ukumka nufutukuka kutsatira mtengo. Mizereyi siilonjeza kuti mtengo ukhala m'kati mwake ka 95 pa 100, monga ena amaganizira potengera masamu a kusukulu, chifukwa mitengo ya tsiku limodzi simwazikana mwa dongosolo limenelo. Zizindikiro zosiyanitsa masiku awiriwa zilipo, ngakhale sizikhala zotsimikizika. Onani kupendekeka kwa VWAP yeniyeniyo: ikagona chopingasa ola lathunthu, msika ukuzungulira, koma ikamakwera mosalekeza ngakhale yalemera kale, ndiye kuti voliyumu yaikulu ikuchitikira pa mitengo yokwera. Werenganinso kuti mtengo waudutsa mzere kangati kuchokera pamene ola loyamba linatha. Ngati sunaukhudze n'komwe, musayembekezere kuti ubwerera chifukwa choti watalikira.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri, oti makampani akuluakulu amateteza VWAP, ndiye mtengo ukafika pa mzere amagula. Bwererani kwa buloka wathu uja muone ngati zili choncho. Ndondomeko yake inamuuza kugula masheya 40,000 pakati pa 2:00 ndi 3:30 masana, ndipo anawagula pa $50.60, pamwamba pa mzere, chifukwa akanadikira akanatsalira m'mbuyo mwa voliyumu. Mapulogalamu ena amaloledwa kufulumira pang'ono mtengo ukakhala wabwino ndi kuchedwa pang'ono ukakhala woipa, koma msana wa ntchito yawo ndi ndandanda ya voliyumu. Komanso pa wogula aliyense wotsatira VWAP pangakhale wogulitsa wotsatira VWAP yomweyo. Mtengo umaima ndithu pa mzerewu masiku ena, mwa zina chifukwa maso ambiri ali pomwepo, koma palibe khoma limene lamangidwapo.

Ndandanda ya voliyumu nayo ili ndi masiku amene imasweka, ndipo ambiri mwa masikuwo amadziwika pasadakhale. Banki yaikulu ya ku America imalengeza chiganizo chake pa chiwongoladzanja 2:00 masana nthawi ya ku New York, ndipo tsiku lotero msika umakhala chete mpaka nthawiyo, kenaka n'kusefukira. Lachisanu lachitatu la Marichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, pamene mapangano ambiri a malonda a m'tsogolo amatha ndipo mindandanda ina ya masheya imakonzedwanso, okushoni yotsegulira ndi yotsekera zimakula kuposa masiku wamba. Tsiku lotsatira chilengezo cha phindu la kampani, voliyumu imaunjikana m'mawa. Buloka wogwiritsa ntchito avereji ya masiku 20 pa masiku oterewa amaphonya kwambiri, ndipo chizindikiro chake chimaoneka msanga: gawo lake la voliyumu, limene limayenera kukhala pafupi ndi 5 peresenti chigawo chilichonse, limayamba kulumpha, pena 2 pena 12.

Anthu awiri akhoza kutsegula sheya imodzi nthawi imodzi n'kuona ma VWAP awiri osiyana, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi poyambira. Ku America malonda a msika usanatsegulidwe amayamba 4:00 m'bandakucha, ndipo tchati chikawaphatikiza, mzere umayambira kumeneko. Pa mapangano a malonda a m'tsogolo otchedwa ES, a pa msika wa CME wa ku Chicago, tsiku la malonda limayamba 6:00 madzulo a dzulo lake nthawi ya ku New York, choncho VWAP yoyambira pamenepo ndi yoyambira 9:30 m'mawa zimatha kutalikirana kwambiri usiku ukakhala wa phokoso. Amene akutsatira misikayi ali ku Malawi, ku Zambia kapena ku Joni asamale ndi wotchi. Belu la 9:30 limalira 3:30 masana kwathu kuno kuyambira pakati pa Marichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi yotsalayo limalira 4:30 madzulo, chifukwa anzathu kumeneko amasintha mawotchi pamene ife sitisintha. Amene analemba nthawi yoyambira ndi dzanja m'fomula yake amadzapeza kuti ola lathunthu lalowa kapena latuluka osadziwa, ndipo likhoza kukhala ola loyamba, lomwe pa tebulo lathu linanyamula 22.5 peresenti ya tsiku.

Chenjezo lalikulu lipite kwa ochita malonda a foreksi, osinthanitsa ndalama za mayiko, pa pulogalamu ya MetaTrader. Ndalama za mayiko zilibe msika umodzi wolemba malonda onse, choncho palibe amene ali ndi voliyumu yonse. Chimene chimaoneka pansi pa tchati nthawi zambiri ndi `tick volume`, chiwerengero cha nthawi zimene mtengo wa buloka wanu wasintha m'kandulo imeneyo. Kusintha kobwera ndi malonda a madola 1,000 ndi kobwera ndi malonda a madola 10,000,000 kumawerengedwa chimodzimodzi, kamodzi. Mzere wowerengedwa ndi nambala imeneyi umatsamira ku nthawi za piringupiringu, ndipo pa chifukwa chimenecho suli wopanda ntchito, koma sungakuuzeni mtengo umene ndalama zambiri zinasinthira manja, ndipo wa buloka wina utuluka wosiyana ndi wanu. Wofuna VWAP ya yuro ndi dola yokhala ndi voliyumu yeniyeni aone mapangano a 6E a ku CME, kumene pangano lililonse limalembedwa, akukumbukira kuti mtengo wake umasiyana pang'ono ndi wa pa MetaTrader ndiponso kuti akuona gawo limodzi lokha la msika wa ndalama ziwirizo.